Pasipoti ya Alamu m'Sokosi Mwanga

Mu msika wa Ndirande muli lamulo limene palibe analilemba, koma ngakhale wogulitsa tomato amalidziwa: ukamapita kogula, nsapato zabwino uzisiye kunyumba. Wogulitsa sayambira kunkhope, amayambira kumapazi, ndipo mtengo amautchula atamaliza kuona polishi. Ine lamuloli landidyetsa zaka zambiri. Ndimagulitsa masipeya a galimoto kuseri kwa msika, ndipo pokaoda katundu ndimadziwa kuusa moyo, kutembenuka ngati ndikupita, kutchula wodwala amene kulibe. Anzanga akafuna kugula injini amanditenga. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zimene ndinachitazi sindinazichite mwaumbuli. Ndinazichita mwaluso.

Mkazi wanga ndi wa ku Machinjiri, kwawo ndi Asilamu, ndipo ali ndi mchimwene wake wamng'ono amene banja lonse linaikapo mtima. Alamu angawa anapeza mwayi wa sukulu ku Sudan, n'kukaphunzira zaulimi, n'kubwerako nkhondo isanayambe. Anabwera ndi digiri yaikulu ngati kalendala, ya mizere yagolide m'mbali, yolembedwa m'Chiarabu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Apongozi anaionetsa mzikiti wonse. Ntchito yokha ndiyo sinabwere. Munthu wa digiri anakathera ku Luchenza, m'sitolo ya mbewu ndi mankhwala a mbozi, kunyamulira azimayi matumba. Dzina lawo sindilitchula pano. Lavutika kale mokwanira.

Tsiku lina Lolemba, mvula yoyamba itangogwa, anandiimbira foni. Bungwe lina la zaulimi m'tauni muno limafuna alangizi, ndipo mapepala amatseka kulandira Lachisanu folo koloko. Wa digiri yakunja amayenera kubweretsa ndi pepala loimasulira m'Chingerezi, lodindidwa.

"Bwana wanga wakana kundimasula, alamu. Anthu ali pamzere kufuna mbewu. Mundiyendere ndinu."

"Nenani. Mu Blantyre muno mulibe chitseko chimene chinandikanapo."

"Ndatumiza envelopu ndi dalaivala wa minibasi. Muli digiri, pepala la mamakisi, satifiketi ya Fomu 4 ndi pasipoti. Ku Limbe kuli a Shehe ena amene chidindo chawo maofesi amachilandira. Mukawapatse zonse. Zonse, alamu."

"Ndamva."

"Mwamva kapena mwangoyankha?"

"Achemwali anu ndimakhala nawo ndi makutu omwewa."

Lachiwiri m'mawa ndinavala sandasi zanga zogulira katundu, za lamba womanga ndi waya, ndi sokosi zakuda kubisa ming'alu. M'minibasi ndinatsegula pasipoti ija kungofuna kuona. Munali zidindo tsamba ndi tsamba, zofiira, zabuluu, za ndege. Iyi ndi nsapato ya polishi iyi, ndinadziuza. Munthu akaona zidindo zonsezi adziwa kuti banja ili limakwera ndege, ndiye mtengo ukwera nawo. Ndinawerama ngati ndikukanda mwendo n'kulowetsa pasipoti m'sokosi. Satifiketi ya Fomu 4 ndinaibisa m'malaya, pamimba, poti wa mapepala ambiri saoneka wosauka.

A Shehe aja anali pa chipinda chapamwamba, kuseri kwa sitolo ya nsalu. Munthu wamkulu, wa ndevu zoyera zometedwa bwino, wolankhula ngati mawu amagula. Anatenga digiri n'kuyamba kuiyendetsa chala kuchokera kumanja kupita kumanzere. Atafika pa dzina anaima.

"Pasipoti ya mwanayu ili kuti?"

Ndinausa moyo wanga uja.

"Kapena chitupa, kapena satifiketi ya kuno. Chilichonse chimene dzina lake linalembedwa m'zilembo zathuzi."

"A Shehe," ndinatero, maso pansi, "mwanayu ankakhala ku Chilobwe. Zonse zinapita ndi matope a namondwe uja. Izi zinapulumuka chifukwa zinali kwa ine."

Bodza limenelo ndimachita nalo manyazi mpaka lero, chifukwa anthu enieni anapitadi ndi matope amenewo. Koma tsiku limenelo linatuluka losalala ngati lopaka girizi.

A Shehe anayang'ananso digiri ija. Kenako anafunsa ngati ine ndikudziwa mmene dzinalo limalembedwera. Apa ndiye panandivuta. Munthu ndadya naye mbale imodzi zaka khumi, koma ndimangoti alamu. M'foni ndinamusunga kuti Alamu Sudan. Ndinatchula dzina mmene apongozi amaliitanira, ndikuyembekezera kuti basi zatha.

"Pakamwa si chikalata," anatero. "Popanda pepala ndilemba zimene ndikuona apa. Koma ndikuchenjezeni, dzina limene linapita silikhala limene libwere."

Ine ndinamva ngati ndi mwambi wa kumzikiti. Ndinagwedeza mutu mwaulemu n'kuyamba nkhani yeniyeni. Sindinavutike n'komwe. Chifukwa cha matope aja anadula mtengo pakati okha, ine ndisanatembenuke ngati ndikupita. Ndinatsika masitepe ndikudziyamikira, pasipoti ikundipala msomali wa kakolo.

Lachitatu ndinatenga pepala lodindidwa bwinobwino n'kupita nalo ku ofesi ya bungwe lija. Pa windo panali mayi wina wa zikhadabo zazitali zopaka, amene ankagwira mapepala ndi nsonga ngati ndi onyowa. Apa ndiye pasipoti ndinaitulutsa, nditaipukuta pa thalauza. Mayiyo anaika pasipoti kumanzere, pepala la a Shehe kumanja.

"Ofunsira ntchito ndi ati pa awiriwa?"

"Ndi mmodzi, mayi."

"Uyu dzina lomaliza layamba ndi Ch, uyu ndi Sh. Uyu pakati pali p, uyu b. Uyu o, uyu u. Ndiye uyu ali ndi mayina atatu, mnzakeyu awiri. Mwina ndi pachibale."

"Koma mukalitchula mofulumira limamveka chimodzimodzi."

"Kuno sitimatchula, bambo. Timaona."

Ndinayesa zonse. Ndinamuuza kuti pa zilembo zisanu ndi ziwiri, zinayi zikugwirizana, tikumane pakati. Ndinamutcha achemwali. Ndinatembenuka ngati ndikupita, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga palibe anandiitana.

Panjira ndinaiganizira nkhaniyo monga wamalonda, ndipo yankho linabwera msanga. Ukachotsetsa kwambiri, amakupatsa feki. Ine ndemwe ndimatero: munthu akandipanikiza pa mtengo wa bulekipadi, ndimalowa mkati n'kumutengera ina ya bokosi lofanana. Ndiye kuti a Shehe andipatsa zilembo za mtengo wapakati. Mankhwala ake ndi odziwika, kukafunsa benchi ina.

Mnzanga wina wa matayala anandilozera ku Bangwe, kwa mkulu wina wa sitolo ya fotokope amene anaphunzirapo ku Algeria. Ameneyu sanafunse za pasipoti, ndipo ine sindinaitchule, poti ndinali ndisanaone kuti ikukhudzana bwanji ndi nkhaniyi. Sindinanenerere n'komwe. Ndinalipira wonse kuti andipatse orijino. Anataipa mofulumira, akuimba kanyimbo, n'kudinda ndi chidindo chooneka kuti chinasemedwa pa msika pomwepo. Nditayang'ana, mtima unakhala pansi: Ch wabwerera. Kuti b anali pomwepo, kuti pamalo pa o panali o ndi u zogundana, ndiponso kuti dzina loyamba lataya chilembo chimodzi pa ziwiri zofanana, ndinaziona ngati zazing'ono.

Lachinayi m'mawa ndinaika mapepala onse awiri pa windo, poganiza kuti mboni ziwiri zimaposa imodzi.

"Dzulo analipo awiri," anatero mayi uja. "Lero abereka."

Anthu a pamzere anaseka. Mmodzi, wovala tayi, amenenso ankafuna ntchito yomweyo, anaseka kwambiri kuposa onse.

Ndinaimbira mkazi wanga ndili panja. Ndinafotokoza mozungulira, koma iye amadziwa pothera misewu yanga yonse.

"Pasipoti munawapatsa a Shehe?"

"Nkhani yake ndi yaitali."

"Munawapatsa?"

"Inali nane."

"Inali kuti?"

Ndinamuuza.

"Bambo a kunyumba, mubwerere ku Limbe. Ndipo muvale nsapato."

Masitepe aja ndinawakwera ngati ndanyamula giyabokosi. Ndinaika patebulo pasipoti, satifiketi, ndi pepala la ku Bangwe. A Shehe anayang'ana pasipoti, anainunkhiza pang'ono, n'kundiyang'ana.

"Matope abweza?"

"Abweza, a Shehe."

"Youma chonchi."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakoka pepala loyera n'kundifunsa kumene ndinabadwira. Ndinati ku Chilomoni. Analemba tizilembo tawo tokhotakhota kuchokera kumanja.

"Tsopano tiyerekeze kuti ine ndine Mwarabu, Chilomoni sindinafikeko. Ndiwerenga zimene ndalembazi. Shilumuni."

"Ayi, Chilomoni."

"Inu mukudziwa chifukwa munabadwirako. Pepalali silikudziwa. M'Chiarabu mulibe ch. Kalaliki wa ku yunivesite amatenga chapafupi, sh, kapena amaphatikiza t ndi sh. Mulibe p, amaika b. O ndi u amagona bedi limodzi, chilembo chake n'chimodzi. E ndi i chimodzimodzi. Mpemba akapita kumeneko abwera ali Mbimba. Ndiye ine ndikaona b pa digiri, ndidziwa bwanji ngati anachoka kuno ali b kapena p?"

Ndinati munthu akhoza kungoganiza.

"Ndinaganiza. Mwaona zimene zinatuluka."

Anandionetsanso dzina loyamba. Limenelo, anati, ndi lachiarabu kale, ndiye kalaliki wa kumeneko sanavutike kutsatira pasipoti, anangolilemba mmene amalilembera kwawo. Koma iwo a, i ndi u zikakhala zazifupi sazilemba. Ndi timizere ta pamwamba ndi pansi, timene mumatiwona m'Buku Loyera lawo ndi m'mabuku a ana, osati pa mapepala a ofesi. Ngakhale kachizindikiro kosonyeza kuti chilembo chitchulidwe kawiri amakasiya. Chimatsala ndi mafupa okha, ndipo womasulira aliyense amaveka mnofu wa kumene anaphunzira. Wa Chingerezi alemba sh ndi u. Wa Chifalansa, ngati mkulu wa ku Bangwe uja, poti ku Algeria amaphunziranso Chifalansa, mawu omwewo alemba ch ndi ou.

"Ndiye Ch wa ku Bangwe uja sanali wathu?"

"Wa ku Paris ameneyo. Anangofanana nkhope."

Za dzina lowonjezera lija anati kumeneko munthu amalembedwa ndi dzina lake, la bambo ake, kenako la agogo ake. Anamufunsa mwanayo bambo ako ndani, iye anayankha, apongozi n'kulowa m'digiri osakhalapo m'kalasi.

"N'chifukwa chake ndinapempha pasipoti. Ife dzina sitimalimasulira, timalikopera. Pasipoti ikalemba mokhota, ifenso timakhota nayo, n'kulemba pansi kuti tatsatira pasipoti nambala yakuti."

Atatero anatenga pepala la mamakisi n'kuloza pakona, pamene panali tizinthu tina timene ine ndinkayesa maluwa okongoletsa. Kadontho, kabwalo, china ngati V, china ngati seveni. Anati ndi manambala. Kadontho ndi ziro, kabwalo ndi faifi, V ndi seveni, ndipo chooneka ngati sevenicho ndi sikisi. Anawerenga limodzilimodzi, ine chala chili pa pasipoti. Inali nambala yomweyo. Umboni wonse woti digiri ndi ya alamu unali pamenepo chiyambire Lachiwiri, theka patebulo, theka m'sokosi.

Ndinayamba kupuma. Koma a Shehe anali atanyamula satifiketi ya Fomu 4, akuiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iyi mayi wa pa windo waiona?"

"Sanafikepo."

"Afikapo mawa. Amaofesi vuto amaikira limodzi pa tsiku, ngati nkhuku."

Pa satifiketi dzina loyamba linali mmene apongozi amalitchulira m'Chiyao, ndi i kumapeto, l pamalo pa r, chifukwa mphunzitsi wa Sitandade 1 analemba zimene khutu lake linamva, ndipo zinayenda choncho mpaka mayeso omaliza. Pa pasipoti linali lina. Amene ankakonza za ulendo wa sukulu analiwongola kuti lifanane ndi la m'mabuku, anadula i, anabweza r, anawonjezera h. Ndinawerenga ndi zala: la aphunzitsi, la pasipoti, la ku Sudan, la ku Limbe, la ku Bangwe. Munthu mmodzi wowonda, mayina asanu, awiri mwa iwo ogula ine.

"Izi chidindo changa sichingakonze," anatero. "Mwini wake akalumbire kwa loya kapena ku khoti kuti mayina onsewa ndi iye. Ndi pepala limodzi, la tsiku limodzi. Koma wolumbira ndi iyeyo, osati mlamu wake. Mukanandionetsa Lachiwiri ndikanakuuzani Lachiwiri."

Ndinafunsa ngati sizingatheke kuti ine ndilumbire m'malo mwake, poti timafananako mphuno.

"Inu mwalumbira kale zokwanira sabata ino."

Pepala latsopano anati likhala lokonzeka m'mawa. Za mtengo sindinatsegule pakamwa, ndipo iwo sanachotsepo kanthu.

Alamu ndinawaimbira ndili pa masitepe pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anafunsa funso limodzi lokha, kuti kodi sokosiyo inali yochapa. Bwana wawo anati Lachisanu ndi tsiku la msika, achoke akatha kutsitsa lole ya feteleza. Lole inafika mochedwa. Ananyamuka ku Luchenza dzuwa litapendeka, minibasi n'kumaima paliponse pamene pali munthu woyang'ana msewu. Ine ndinali pa windo kuyambira thuu koloko ndi pepala labwino la a Shehe, dzina lofanana ndi pasipoti chilembo ndi chilembo. Mayi uja analiyang'ana, anagwedeza mutu movomera, n'kutembenuza satifiketi ya Fomu 4.

"Nanga uyu ndi ndani?"

Ndinafotokoza za aphunzitsi, za Chiyao, za o ndi u ogona bedi limodzi. Ndinafotokoza bwino, a Shehe akanandimva akanandipatsa mamakisi. Mayiyo anamvetsera ndithu, ndipo ndikuganiza kuti anamvetsa. Anati popanda pepala la malumbiro sangalandire, chifukwa akalandira, amene akafunsidwe kumwamba ndi iye. Ndinapempha kuti asunge envelopu mpaka Lolemba. Anandionetsa mulu wa maenvelopu kumbuyo kwake, wofika m'chiuno, onse a anthu a dzina limodzilimodzi.

Folo koloko anatseka windo. Alamu anafika ku Limbe faifi itadutsa, fumbi la feteleza lili m'tsitsi.

Anagona kwathu mpaka Lolemba. Mkazi wanga masiku atatu amenewo ankandipatsira madzi osamba mwaulemu woopsa. Alamu sananene kanthu za ntchitoyo. Ankasewera ndi ana, kuwalembera mayina awo m'Chiarabu pa katoni, ana n'kumakanganirana kuti langa ndiye lokongola. Apongozi atamva anangotumiza mawu akuti dzina anapereka limodzi, enawo aliyense atenge lake.

Lolemba tinapitabe kwa loya, kuti ntchito ina ikadzatuluka mapepala adzakhale okonzeka. Mlembi wa loya anataipa kuti ine wakutiwakuti, wodziwikanso kuti wakuti, ndiponso kuti wakuti. Anafunsa ngati alembe ndi awiri anga aja. Alamu anati ayi, amenewo ndi a alamu anga, apite nawo kunyumba. Anakweza dzanja, analumbira kuti iwo ndi iwo, loya anadinda. Sizinathe ndi theka la ola lomwe.

Ndinawaperekeza ku siteji ya minibasi za ku Mulanje. Envelopu anainyamula okha, m'kati mwa jekete, dzanja lili pamwamba pake. Ntchito ija anatenga ena. Sindikudziwa ngati ndi wa tayi uja, ngakhale mtima wanga umandiuza kuti ndi iye. Alamu mpaka pano akadali ku Luchenza, ndipo nyuzipepala ya tsiku la zantchito amaibwereka kwa aphunzitsi a pafupi ndi sitolo.

Kondakitala anatchula mtengo. Unali wokwera, wa nthawi ya mvula, ndipo thupi langa linayamba lokha. Ndinausa moyo, ndinagwira alamu pamkono kuti titembenuke ngati tikupita.

"Alamu," anatero motsitsa, akuchotsa dzanja langa, "musandithandize."

Analipira wonse n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi windo.